Kuchoka pakhoma mpaka pansi: mmene mapushapu amaphunziridwira

Munthu wolemera makilogalamu 60 akagona chafufumimba n'kuyesa kudzikankha ndi manja, manjawo amasenza pafupifupi makilogalamu 40, chifukwa pushapu yeniyeni imaika pamanja pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwa thupi. Ameneyu ndi katundu wamkulu kwa munthu amene sanachitepo masewera olimbitsa thupi, n'chifukwa chake ambiri amalephera tsiku loyamba n'kugwa ulesi. Katunduyo ndi wotheka kumuchepetsa. Manja akakhala pamwamba amasenza zochepa, ndipo mukamawatsitsa kulemera kumawonjezeka.

Tiyeni titenge mayi wa makilogalamu 60 amene akuyamba kumene. Aime moyang'ana khoma, mapazi atalikire khomalo kupitirira pang'ono kutalika kwa mkono, zikhatho pakhoma molingana ndi chifuwa. Apinde zigongono mpaka chifuwa chiyandikire khoma, kenako adzikankhe. Achite zimenezi ka 8 mpaka 12, apume mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kubwerezanso, mpaka zigawo zitatu. Katatu pa sabata n'kokwanira, kudumphitsa tsiku pakati, poti minofu imalimba pamene ikupuma.

Apa m'pamene ambiri amasokera. Akaona kuti pakhoma payamba kuphweka, amangochulukitsa mpaka 40 kapena 50, koma mphamvu yodzinyamulira pansi sibwera. Mayiyu akangokwanitsa zigawo zitatu za 12 thupi lisanapindike, atsitse manja. Achoke pakhoma apite pa tebulo lolimba lotsamira khoma, kenako pabenchi, kenako pakhonde kapena pa sitepe yapansi. Malo atsopano akamulola kuchita zosakwana zisanu, ndiye kuti watsika mofulumira, apeze kena kokwererako. Ena amadzera pa mapushapu ogwada, amene amaika pamanja pafupifupi theka la thupi, kwa mayiyu makilogalamu 30. Ndi othandiza, koma ine ndimakonda benchi chifukwa imaphunzitsa mimba ndi matako kugwira thupi lonse mowongoka ngati thabwa, zimene kugwada kumapeputsa.

Akafika pansi, ayambe ndi kutsika kokha. Aime ndi manja ndi zala za kumapazi, atsike mwapang'onopang'ono kwa masekondi asanu mpaka chifuwa chikhudze pansi, kenako agwade podzuka. Minofu imakhala ndi mphamvu zambiri potsitsa katundu kuposa pomukweza, ndiye ngakhale wosatha kudzikankha amatha kudzitsitsa.

Pemphani wina akuyang'aneni cham'mbali. Chiuno chikalendewera pansi, m'munsi mwa msana mumayamba kuwawa. Kungani mimba ndi matako. Mphumi ikamafika pansi chifuwa chidakali kutali, khosi ndi limene likunamiza kuti mwatsika. Zigongono nazo zisatambasukire m'mbali molunjika mapewa, koma zilozere chakumbuyo pang'ono, apo ayi mapewa ndi amene amavutika.

Kudzikoka pachitsulo mpaka chibwano chidutse pamwamba n'kovuta kwambiri, chifukwa mayi uja tsopano akukweza makilogalamu 60 onse, ndipo mapushapu samukonzekeretsa, poti ntchitoyi ndi ya minofu yakumsana ndi yakutsogolo kwa mkono. Ambiri imawatengera miyezi ingapo. Poyamba ndi kungolendewera kwa masekondi 20 kapena 30 kuti zala zizolowere kugwira. Kenako, zigongono zili zowongoka, akokere mapewa pansi kuti atalikirane ndi makutu. Thupi limakwera pang'ono chabe, koma apa m'pamene kudzikoka kumayambira. Pa masiku omwewo agone chagada pansi pa chitsulo chofika m'chiuno, zidendene pansi, n'kumakokera chifuwa kuchitsulocho ka 8 mpaka 12. Akamapinda mawondo zimapepuka, akamawongola miyendo zimalemera.

Zimenezi zikakhazikika, akwere pampando kuti chibwano chikhale kale pamwamba pa chitsulo, achotse mapazi n'kutsika kwa masekondi asanu. Katatu kapena kasanu pa chigawo n'kokwanira. Akatha kutsika masekondi 8 mpaka 10 osagwa mwadzidzidzi pakati panjira, ayese kudzikoka, zikhatho zitayang'ana kunkhope kwake, chifukwa kagwiridwe kameneka kamapepukirako.

Chitsulocho kapena nthambi muyambe mwaiyesa mapazi ali pansi. Nthambi youma ndi mtanda wadenga wofumbwa zimathyoka mosachenjeza. Kuphwanya kwa minofu patatha tsiku limodzi kapena awiri n'kwachibadwa ndipo kumatha kokha. Ululu wobaya m'chigongono kapena paphewa ndi wina: minyewa yolumikiza minofu ku mafupa imachedwa kulimba, ndiye pumani masiku angapo n'kubwerera pa gawo lopepuka, ndipo ukapitirira kaonaneni ndi achipatala. Musamagwire mpweya podzikankha kapena podzikoka, chifukwa kutero kumakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo amene ali ndi bipi kapena vuto la mtima ayambe afunsa kuchipatala asanayambe.