Werengani Chithunzi Musanasamutse Seva

Seva ikamasamutsidwa, woyang'anira makompyuta amatumizira mnzake imelo pamodzi ndi chithunzi cha netiweki. Imelo yabwino imayamba chonchi: “Achimwene, pezani kaye kabokosi ka seva yathu, kenako mutsate mzere wochokera pamenepo.”

Mzerewo ndi waya. Umafika pa switchi, kudutsa pa fayawo, mpaka pa rauta yotulukira ku intaneti. Koma chofunika kwambiri ndi manambala olembedwa pambali. Mukaona 192.168.10.5/24, ndiye kuti seva ili m'gulu la maadiresi oyamba ndi 192.168.10. Ikapita ku gulu la 192.168.20, adiresi isintha, koma fayawo idzapitiriza kulola adiresi yakale yokha. Apa mpamene ambiri amagwa m'mavuto, chifukwa seva imayaka bwinobwino, nyali zikuphethira, koma ogwira ntchito sangayifikire. Choncho imeloyo itchule lamulo lililonse la fayawo lokhala ndi 192.168.10.5, ndiponso dzina la seva mu DNS, kuti zisinthidwe tsiku lomwelo.

Chithunzi chimakalamba msanga. Musanazule waya, pitani mukaone ngati walowadi pa doko lolembedwalo.