Jenereta ya pa golosale: werengani mawati, kenako malita

Ambiri akamakagula jenereta amafunsa zinthu ziwiri: ndi ya kampani yanji, nanga ndi ndalama zingati. Wogulitsa naye amangoloza nambala yaikulu imene yalembedwa pathanki, malonda n'kutha. Mavuto amayamba tsiku limene magetsi a ESCOM athima. Wina amapeza kuti kajenereta kake kakutsamwa firiji ikangoyaka. Wina yake ikulira bwinobwino, koma ikumwa petulo woposa phindu la zakumwa zimene ikuziziritsa. Onsewa sanaberedwe ayi. Anagula makina osalingana ndi golosale yawo.

Tiyeni titenge golosale wamba ya m'tauni. Muli firiji yoimirira ya chitseko cha galasi yosungiramo zakumwa, dipifiriza ya nkhuku, masoseji ndi mafirizesi, mababu anayi osadya magetsi, kanema ndi dikoda, komanso pochajira mafoni a makasitomala. Chipangizo chilichonse chili ndi kachikwangwani kumbuyo kapena pansi, kosonyeza mphamvu imene chimadya. Yang'anani nambala yotsatiridwa ndi chilembo W. Ngati palibe, koma pali nambala ya chilembo A, ichulukitseni ndi 230, amene ndi mavoti a magetsi athu kuno, ndipo mupeza chithunzi chokwanira. Tinene kuti m'golosale yathuyi firiji ya zakumwa ikudya mawati 250, dipifiriza 120, mababu onse 40, kanema ndi dikoda 70, mafoni 50. Zonse pamodzi ndi mawati 530.

Munthu akaona 530 amaganiza kuti kajenereta kakang'ono kaja, kotchuka ndi nambala ya 950, kangakwanire mpaka kutsala. Apa ndi pamene pagona msampha, ndipo misampha yake ndi iwiri.

Woyamba uli m'firiji. Mkati mwake muli kompuresa, ndipo kuti iyambe kuzungulira imakoka mphamvu yochuluka kasanu, nthawi zina kuposa apo, kwa kamphindi kosakwana sekondi imodzi kapena awiri. Zili ngati wa kabaza amene wanyamula matumba a chimanga: mphamvu zambiri zimathera poyambira, njinga ikangoyenda amapalasa mosavutika. Ndiye firiji ya mawati 250 ija poyaka imafuna pafupifupi 1,250. Ngati zina zonse zili kale pamoto, zomwe ndi mawati 280, jenereta iyenera kupirira mawati 1,530 panthawi imeneyo. Ikalephera, mumamva injini ikugwa mawu, mababu akuphethira, firiji n'kumangong'ung'udza kenako kumveka kaphokoso koti tha, kutanthauza kuti kachipangizo koteteza kompuresa kadula moto. Zikamachitika kawirikawiri, kompuresa imapsa, ndipo kuisintha si ndalama yochepa.

Msampha wachiwiri uli pa nambala yolembedwa ija. Nambala ya dzina la makina si mphamvu yake. Tijenereta ta 950, monga Tiger TG950 ndi tinzake, timapereka mawati pafupifupi 650 basi tikamagwira ntchito mosalekeza. N'tabwino kwa wometa tsitsi ndi wochajitsa mafoni, koma si ta firiji. Pa makina aliwonse fufuzani mizere iwiri pa chikwangwani: pamene palembedwa Max ndi mphamvu ya kanthawi kochepa, pamene palembedwa Rated ndi imene makinawo angapereke tsiku lonse. Gulani potengera yachiwiriyi. Ndipo ngati mphamvu yalembedwa mu kVA, njira yosakupusitsani ndi kuchulukitsa ndi 800: jenereta ya 2 kVA muiwerengere mawati 1,600, ya 2.5 kVA muiwerengere 2,000.

Pali chinanso chimene ogulitsa satchula. Injini ya petulo imachepa mphamvu kumalo okwera chifukwa mpweya umakhala wopepuka. Ku Lilongwe, komwe ndi pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Ku Dedza imataya koposa, pamene ku Nsanje sitaya kanthu kwenikweni. Choncho ya mawati 1,600 ija ku Lilongwe yatsika kufika cha m'ma 1,450, kuchepera pa 1,530 amene tikufuna. Golosale yathuyi ikufunika ya 2.5 kVA.

Nanga bwanji osangogula yaikulu, ya 5.5 kVA kapena 6.5 kVA, kuti mtima ukhale m'malo? Yankho lili pa malo omwetsera mafuta. Jenereta wamba imayenera kuzungulira maulendo 3,000 pa mphindi nthawi zonse kuti magetsi ake afanane ndi a ESCOM, kaya mwayatsa babu limodzi kapena golosale yonse. Injini yaikulu imamwa kwambiri pongodzizungulitsa yokha. Pa katundu wathu wa mawati 530, ya 2.5 kVA imamwa cha m'ma malita 0.7 pa ola, pamene ya 5.5 kVA imamwa cha m'ma 1.3 pa ntchito yomweyo. Nambalazi zimasinthako malinga ndi makina, koma kusiyana kwake n'kumeneku. Tinene kuti magetsi akuthima maola 6 pa tsiku, masiku 20 pa mwezi, kutanthauza maola 120. Yaing'onoyo imwa malita 84, yaikuluyo 156. Malita 72 apakatiwo achulukitseni ndi mtengo umene bungwe la MERA lalengeza, muone kuti ndi makireti angati a zakumwa amene muyenera kugulitsa mwezi uliwonse kuti mulipire mphamvu imene simukuigwiritsa ntchito. Apo sitinawerengere nthawi yoima pamzere ndi chigubu, kapena mtengo wa mavenda mafuta akasowa.

Pali mtundu wina wa jenereta umene uli ndi inveta mkati. Injini yake imatsitsa liwiro katundu akachepa, n'chifukwa chake imamwa pang'ono ndipo silongolola. Honda EU22i, mwachitsanzo, imapereka mpaka 1,800 mosalekeza, thanki yake ndi ya malita 3.6, ndipo pa katundu wopepuka imatha maola pafupifupi 8. Awa ndi malita osakwana theka pa ola. Ikanakhala pa golosale yathu, mwezi uja ukanatha ndi malita cha m'ma 60. Koma mtengo wake pogula ndi woboola m'thumba, ndipo bolodi yake yamagetsi ikapsa si makaniko aliyense wa pamsika angaikonze. Imabweza ndalama zake kwa amene magetsi amawathimira pafupipafupi. Kwa amene amathimirwa kamodzi pa sabata, yotchipa ija ndi yokwanira.

Apa tsopano ndi pamene dzina la kampani limayamba kugwira ntchito. Honda ndi Yamaha zili ndi mbiri yoti nambala yolembedwa ndi imene mumapezadi, ndipo injini zake zimakhalitsa, koma mayina omwewa ndi amene opanga zabodza amakonda kumata pa katundu wawo. Mukapeza Honda yatsopano pa mtengo wosiyana pang'ono ndi zina zonse, dziwani kuti mwagula chomata. Makina ambiri a pakatikati, a mayina osiyanasiyana ochokera ku China, ali ndi injini yotengera ya Honda GX160 kapena GX200. Ine ndimaona kuti zimenezi ndi mwayi kwa wa golosale, chifukwa kabureta, pulagi, chingwe cholizira ndi kachipangizo kosunga mavoti pamlingo umodzi kotchedwa AVR zimalowana, ndipo zimapezeka kwa ogulitsa masipeya ambiri. Musanapereke ndalama, pitani kaye kwa makaniko wa m'dera lanu mumufunse makina amene amawapezera masipeya mosavuta. Funsaninso ngati waya wa mkati ndi wa kopa kapena wa aluminiyamu. Wa kopa amalemera ndipo amapirira kutentha. Ndipo pemphani kuti ailize pomwepo, mulumikizepo ketulo yamagetsi kapena simbi. Ya 2.5 kVA yoona imanyamula simbi popanda kugwa mawu kwambiri.

Njira ina ndi yopanda petulo n'komwe: inveta ndi mabatire. Inveta sipanga magetsi. Imatunga a ESCOM kapena a sola n'kuwasunga m'batire, kenako n'kuwabweza akathima. Kawerengedwe ka mphamvu ya poyaka firiji n'komweko, choncho golosale yathu ikufunika inveta ya mawati 1,500 mpaka 2,000, ndipo pakhale polembedwa pure sine wave. Zotchipa zija zopanda mawu amenewa zimatulutsa magetsi okhakhala, amene amachititsa kompuresa kulira ndi kutentha.

Koma chimene chimalamula kuti muunika maola angati si inveta, ndi batire. Mafiriji amayaka n'kumazima okha, ndiye tinene kuti golosale ikudya mawati 400 tikaphatikiza nthawi yonse. Kwa maola 6, 400 kuchulukitsa ndi 6 ndi 2,400, ndipo popeza inveta imadyapo yake, tiyenera kutunga pafupifupi 2,800 m'batire, amene ndi mayunitsi 2.8. Batire lalikulu la asidi lolembedwa 12V 200Ah limasunga mayunitsi 2.4, koma loyenera kutungidwa ndi theka lokha. Mukamalikama mpaka kuuma tsiku ndi tsiku, silimaliza chaka. Ndiye mabatire awiri otere amakupatsani mayunitsi 2.4, okwana maola asanu. Batire limodzi la lifiyamu lolembedwa 25.6V 100Ah limapereka pafupifupi chimodzimodzi, chifukwa ilo limalola kutungidwa mpaka kutsala pang'ono, ndipo limakhala zaka zambiri, ngakhale kuti pogula limawawa. Batire la galimoto ayi. Linapangidwira kuliza injini kwa masekondi ochepa, osati kuunikira golosale.

Malire a inveta amaonekera magetsi akamabwera mwa apo ndi apo. Mabatire a asidi amene afika pa theka amafuna maola 7 kapena 8 kuti adzadzenso pa chaja wamba. Ngati magetsi abwera pakati pa usiku n'kuthimanso m'bandakucha, tsiku lotsatira mumayamba ndi batire losadzadza, ndipo pakutha pa sabata lafooka. Pamalo otere pamafunika mapanelo a sola, apo ayi jenereta ndiyo yodalirika.

Ndalama zina zimapulumuka osagula kanthu. Dipifiriza yodzaza, ngati simukuitsekula pafupipafupi, imasunga kuzizira kwa tsiku lathunthu, choncho pa kuthima kwa maola 6 mutha kuichotsa pa inveta n'kusiya firiji ya zakumwa yokha, mabatire awiri aja n'kukufikitsani madzulo. Pa jenereta, yatsani firiji yaikulu poyamba, dikirani ikhazikike, kenako dipifiriza, zina zonse pambuyo. Musalole ziwirizo ziyambire limodzi. Ndipo magetsi akangothima, dikirani mphindi zisanu musanayatsenso firiji, kuti mpweya wa mu kompuresa utsike mphamvu, apo ayi imakoka moto wochuluka kuposa umene tawerengera uja.

Jenereta ikafika, iikeni panja, kutali ndi khomo ndi mawindo. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha, ndipo kuitsekera m'golosale usiku poopa akuba kwaphetsa alonda ndi eni malo amene amagona momwemo. Ngati mukufuna kuilumikiza ku mawaya a nyumba, aitaneni amagetsi ovomerezeka aike swichi yosinthira, yoti mbali imodzi ESCOM mbali ina jenereta. Chingwe cha mapulagi kuwiri chobaya pa soketi chimatha kubweza moto ku mawaya a panja n'kupha wogwira ntchito pa polo, ndipo magetsi akabwerera jeneretayo imapsa. Oyilo woyamba musinthe pakatha maola 20, kenako pa maola 50 mpaka 100 aliwonse, malinga ndi buku la makinawo. Pa maola 120 a golosale yathu ija, ndiye kuti kamodzi kapena kawiri mwezi uliwonse, ndipo mtengo wa oyiloyo muuphatikize pa wa petulo.