Ntchito ya Mwana Wotsiriza Msanga: Chitsanzo cha Msintho wa Aneni

Inu amene mukuphunzira ntchito ya uphunzitsi, mukadzaima pamaso pa ana anu, simudzatha sabata musanamve mawu awa: "Aphunzitsi, ndatsiriza." Mudzakhala mutangolemba ntchito pabolodi, choko chikali m'manja, anzake onse akali pa funso lachitatu, koma iye watseka kale kope lake, nayamba kuyang'ana kunja. Mwana wotere akakhala chabe kotala la ola tsiku ndi tsiku, amadzifunira yekha chochita, ndipo chimene amachipeza sichikondweretsa mphunzitsi. Ena amayamba kusokosa, ena amaphunzira kuchedwa dala, ndipo awa ndiwo omvetsa chisoni koposa, pakuti palibe amene amawaona.

Aphunzitsi ambiri amachita chimodzi mwa ziwiri. Kapena amamuonjezera mafunso ena khumi ofanana ndi oyamba aja, kapena amamutuma kukathandiza anzake. Mafunso oonjezera amamuphunzitsa chinthu chimodzi chokha, ndicho chakuti mphotho ya changu ndi katundu wina. Mwana wochenjera sachedwa kuzindikira zimenezi, naleka kukweza dzanja. Kuthandiza anzake sikoipa mwa apo ndi apo, koma iyenso anadzera kuphunzira, ndipo kawirikawiri amangowauza mayankho, popeza sadziwa kufotokoza chinthu chimene kwa iye chili chapafupi. Chimene afuna ndi funso lochokera m'phunziro lomwelo, koma lozama, limene yankho lake silili pabolodi.

Tiyerekeze kuti muli ndi ana a Sitandade 6 m'phunziro la Chichewa, ndipo mwawapatsa ziganizo khumi zoti akonze mneni wa m'mikutiramawu, monga ichi: Mayi (phika) alendo nsima. Ana ayenera kulemba kuti "aphikira". Mtsikana wina watsiriza m'mphindi zisanu. Musathamangire kumpatsa kanthu. Yambani mwaona kope lake, pakuti kufulumira ndi kudziwa n'zosiyana. Ngati walakwa ziganizo zitatu kapena zinayi, ameneyo ndi waphuma chabe, ndipo ntchito yake yoonjezera ndiyo kupeza yekha pamene walakwa. Koma ngati zonse khumi zili bwino, mufunseni motsitsa mawu kuti, "Iwe, walemba 'aphikira' apa, koma apa walemba 'alembera'. Bwanji sunalembe 'alembira'?" Adzakuyankhani kuti, "Sizimveka bwino, aphunzitsi." Wayankha zoona, koma chifukwa chake sachidziwa, ndipo pamenepo m'pamene pali ntchito yake.

Mukonzeretu kunyumba timakadi tinayi todula ku katoni, tokhala ndi manambala. Pa khadi loyamba mulembe aneni khumi ndi asanu osakanizasakaniza: soka, phika, manga, lemba, gula, tola, lima, chapa, peta, tunga, gona, sinja, yala, yenda, dula. Pansi pake mulembe lamulo lalifupi lotere: "Sintha mneni aliyense kuti atanthauze kuchitira munthu wina kapena kuchitira pamalo pena. Ika otsiriza ndi -ira kumanzere, otsiriza ndi -era kumanja. Kenaka lemba chimene chikufanana mwa onse a mbali imodzi." Mwanayo sadzavutika ndi mbali yoyamba ya ntchitoyi, popeza chinenero nchake. Kumanzere adzakhala ndi aneni asanu ndi anayi: phikira, limira, sinjira, mangira, chapira, yalira, gulira, tungira, dulira. Kumanja adzakhala ndi asanu ndi mmodzi: sokera, tolera, gonera, lembera, petera, yendera. Funso lotsirizalo ndilo lidzamukhazika pansi.

Inu muyenera kulidziwa yankho musanapereke khadilo. Chimene chilamula ndi lembo la liwu la m'tsinde la mneni. Likakhala a, i kapena u, mneni amatenga -ira. Likakhala e kapena o, amatenga -era. Palibe anamuuzapo mwanayo lamuloli, komabe wakhala akulisunga chiyambire kulankhula, monga momwe amalisungira agogo ake amene mwina sanapondepo pasukulu. Musamuuze. Mukamuuza, mwamulanda ntchito ya mphindi khumi ndi zisanu, ndi kumpatsa chinthu china choloweza pamtima.

Yankho lake loyamba lidzakhala lolakwa, ndipo nkoyenera kuti litero. Mwina adzati kumanzere kuli ntchito za pakhomo, poona kuphika, kusinja ndi kuchapa. Koma kupeta ndi kusoka zili kumanja, ndipo nazonso n'za pakhomo. Mwina adzayang'ana lembo loyamba la mawu. Koma lima ndi lemba onse ayamba ndi l, ndipo ali mbali zosiyana. Mukafika pa iye, musanene kuti "walakwa". Mulembereni aneni anayi okha m'mphepete mwa kope: pita ndi peta, tula ndi tola. Munene kuti, "Sintha awa, ndipo uone chimene chasiyana," nimupite kwa ana ena. Pitira ndi petera asiyana m'malembo a liwu okha. Chimodzimodzi tulira ndi tolera. Zina zonse n'zofanana, kotero kuti diso lilibe kwina koyang'ana. Ndi thandizo laling'ono limeneli mwana wanzeru amafika pa lamulo lija, nalilemba m'mawu akeake. Mawuwo angakhale okhotakhota, koma ngati ali oona, musawawongole tsiku limenelo.

Khadi lachiwiri ndi la tsiku lina, ndipo ntchito yake ndiyo kugwetsa lamulo limene mwana wamanga. Lembanipo aneni aatali: werenga, kolola, werama, tsekula, tembenuza. Mumuuze kuti ayambe waneneratu, potsata lamulo lake, mathero a mneni aliyense, ndipo pambuyo pake ayese ndi khutu. Werengera ndi kololera adzamvera lamulo. Koma werama ali ndi e pachiyambi, ndipo lamulo la mwanayo lidzati "weramera", pamene pakamwa pake padzati "weramira". Tsekula adzapereka tsekulira, ndipo tembenuza, amene ali ndi e kawiri, adzapereka tembenuzira. Apa adzaona kuti pa khadi loyamba aneni onse anali ndi lembo la liwu limodzi lokha m'tsinde, ndipo sanafunikire kusankha. Tsopano ayenera kunena kuti lolamula ndi liti. Ndi lotsiriza, loyandikana ndi -a wa kumapeto. Ine ndiyesa khadi ili lopambana onse anayi, chifukwa mwana amene sanalakwepo m'kalasi akumana ndi chinthu chimene chamukana, ndipo aphunzira kukonza ganizo lake m'malo molitaya.

Khadi lachitatu ndi lalifupi: dya, mwa, gwa, fa, pha, ba. Aneni awa ali ndi phatikizo limodzi, ndipo mukachotsa -a wa kumapeto sipatsala lembo la liwu lililonse loti lilamule. Mwana wina adzaona a yekhayo nayembekeza "dyira" ndi "gwira". Koma timati dyera, mwera, gwera, fera, phera, bera, ndipo gwira ndi mneni winawina. Onse asanu ndi mmodzi atenga -era. Akakufunsani chifukwa chake, yankho lokwanira pa msinkhu wake ndi lakuti awa ndi gulu lawolawo, limene liyenera kulembedwa monga lamulo lachiwiri pansi pa loyamba lija. Mumtume akafunefune ena otere; sali ambiri, ndipo akapeza swa, tha ndi psa wachita bwino.

Pa khadi lachinayi asiye -ira ndi -era, nayese lamulo lake pa msintho wina, wa kuchititsa. Atenge aneni khumi ndi asanu a pa khadi loyamba, naneneretu amene adzatenga -itsa ndi amene adzatenga -etsa. Adzapeza kuti lamulo ligwira monga kale: limitsa, mangitsa, gulitsa, koma lembetsa, yendetsa, soketsa, ndiponso dyetsa ndi gwetsa. Ichi chimamkondweretsa mwana koposa kuchongeredwa, poona kuti chinthu chimene anachipeza yekha chitsekula khomo lina limene sanachikonzere. Pansi pa khadilo muikepo aneni atatu ovuta, tuluka, tsika ndi kwera, amene amapereka tulutsa, tsitsa ndi kweza. Amenewa angapite nawo kunyumba, akamve akulu m'mene amawatchulira. Akabwera ndi mawu osiyana ndi a m'buku, musafulumire kuwakana, pakuti kalankhulidwe ka ku Kasungu sikafanana m'zonse ndi ka ku Mulanje. Alembe mawuwo pamodzi ndi dera la munthu amene anawanena.

Tsono mungafunse kuti, nanga ana ena onsewo adzakhala ndi yani? Mwaona kuti pa khadi lililonse mphunzitsi amafika kwa mwanayo kawiri kokha, poona kope ndi pompatsa thandizo, ndipo zonsezo sizipitirira mphindi ziwiri kapena zitatu. Ntchito yeniyeni ya mphunzitsi yachitika madzulo a dzulo lake, polemba makadi ndi kuyesa mneni aliyense ndi pakamwa pake. Ichi musachinyozere. Mukaika samba pa khadi loyamba, mwana adzalemba sambira, nasokonezeka ndi kusambira m'nyanja. Mukaika pinda poyesa msintho wotsutsa wa tseka ndi tsekula, adzapeza pindula, amene alibe kanthu ndi kufunyulula nsalu. Aneni otere ndi abwino pa nthawi yawo, koma pa tsiku loyamba amabisa lamulo.

Mudzadziwa ngati khadi lamuyenera poyang'ana kope ndi nkhope yake. Akatsiriza m'mphindi zitatu osafafaniza kanthu, khadilo linali lapafupi, ndipo mawa mumpatse lotsatira. Akakhala mphindi khumi wosalemba kanthu, kapena akabwera kwa inu kachitatu, lamulo la pa khadilo silinamveke, kapena mwadumpha sitepe. Khadi loyenera limasiya kope lodetsedwa, la mizere yodulidwa ndi mawu osamutsidwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo belu likalira mwanayo amachedwa kuimirira.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene chimadza pa sabata yachiwiri. Ana ena adzaona kuti makadiwo ndi okoma, nayamba kuthamangitsa ntchito ya onse kuti awafikire. Kotero makadiwo akhale m'bokosi poyera, ndipo lamulo likhale limodzi kwa onse, lonenedwa pamaso pa kalasi: aliyense wokhoza ziganizo zonse khumi atenge khadi, koma wolakwa ngakhale chimodzi ayambe wachikonza. Potero bokosilo silikhala la mwana mmodzi wokondedwa, ndipo nthawi zina mudzadabwa kuona mnyamata wachete wa kumbuyo akubwera kudzatenga khadi loyamba. Mtsikana uja akatsiriza onse anayi, mumpatse mphindi zisanu ndi choko. Alembe pabolodi pita ndi peta, tula ndi tola, nafunse anzake funso lomwe lija munamufunsa inu, osawauza yankho.