Kakhomedwe ka matirasi a denga la nyumba yaing'ono

Thirasi ndi matabwa olumikizidwa m'makona atatuatatu omwe amanyamula denga n'kutula kulemera kwake pa makoma awiri a m'mbali. Lili ndi mapaso awiri okumana pamsonga, mtanda wapansi womanga mapazi a mapasowo, ndi timatabwa tam'kati tochirikiza. Denga likalemera, mapaso amafuna kutambasuka n'kukankhira makoma kunja, ndipo chomwe chimawaletsa ndi mtanda wapansiwo. N'chifukwa chake mphamvu ya thirasi imagona m'malo olumikizira kuposa m'kukula kwa matabwa.

Chitsanzo chabwino ndi nyumba ya mamita 6 m'lifupi ndi mamita 9 m'litali, yofoleredwa ndi malata. Msonga wa thirasi ukakwera mita imodzi pamwamba pa mtanda, denga limapendekeka madigiri 18, zomwe n'zokwanira kuti madzi a mvula azitsika msanga. Phaso lililonse limatalika mamita 3.16 kuchokera pamsonga kufika pakhoma, ndipo kuwonjezerapo masentimita 60 otulukira kunja oteteza khoma kumvula, limafika pafupifupi mamita 3.8. Pa msinkhu wotere akalipentala amagwiritsa ntchito matabwa a paini a 2x6 pa mapaso ndi mtanda, ndi a 2x4 pa timatabwa tam'kati. Mtanda amaugawa patatu, mamita awiriawiri. Pa malo awiri ogawirawo pamachoka timatabwa tiwiritiwiri, kena kulunjika pamsonga, kena pakati pa phaso, moti thirasi likatha m'kati mwake mumaoneka chilembo cha W.

Thirasi loyamba limakhomedwa pansi posalazika, muyeso wake n'kutsimikizidwa ndi tepi ndi chingwe. Ena onse amakhomedwa poyala matabwa pamwamba pa loyambalo. Kalipentala woyeza thirasi lililonse palokha amadzaona zotsatira zake malata atakwera: msonga wa denga umayenda mokwera ndi kutsika, ndipo palibenso chochita.

Kutalikirana kwa matirasi kumatengera chofolera. Pa malata, okhala pa mapelini a 2x3, amisiri ambiri sapitirira mita 1.2. Kugawa mamita 9 ndi 1.2 kumapereka 7.5, ndipo chiwerengero chotere chimakwezedwa, sichitsitsidwa. Mipata ikhala 8, uliwonse wa mita 1.125. Ngati makoma a kumapeto amangidwa mpaka pamsonga ndipo anyamula nsonga za mapelini, pafunika matirasi 7. Ngati ayi, awiri ena amaima pafupi ndi makomawo, onse n'kukhala 9. Eninyumba ena amachotsapo awiri kuti apulumutse ndalama ya matabwa, koma mpata ukakula chotero pelini imawerama munthu akangopondapo pokhoma malata. Matailosi a simenti ndi olemera kwambiri, ndipo amafuna matirasi oyandikana, pafupifupi masentimita 75. Mapelini amaimikidwa cham'mbali, mbali yopyapyala ili pa phaso, motalikirana osapitirira masentimita 90 pa malata opyapyala. Pa phaso la mamita 3.8 imeneyi ndi mizere 6 mbali iliyonse ya denga.

Polumikizira pofunika kuposa ponse ndi paphazi, pamene phaso limakumana ndi mtanda pamwamba pa khoma. Pa denga lokwera mita imodzi pa mamita atatu, mphamvu yokoka mtanda imachuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi kulemera komwe phazilo likutula pakhoma. Misomali itatu yokhomedwa mothamanga siingagwire pamenepa. Pamayenera bawuti ya mamilimita 12, yothandizidwa ndi misomali inayi kapena kuposerapo. Bowo lake liboledwe ndi dirilo ya mamilimita 13, osati ndi chitsulo chamoto, chifukwa bowo lopsereza limakula ndipo bawuti imagwedera. Likhale mamilimita 85 kapena kuposerapo kuchokera kunsonga ya thabwa, ndi pafupifupi mamilimita 50 kuchokera m'mphepete. Likayandikira kunsonga, bawuti imang'amba thabwa motsata mitsempha yake. Mbali zonse ziwiri pakhale washala wotakata mamilimita 36 kapena kuposa, kuti mutu wa bawuti ndi nati zisamire mu paini, womwe ndi mtengo wofewa. Matabwa ambiri amagulidwa asanaumitsitse ndipo amafota akakhala padenga, choncho manati amangidwenso siling'i isanatsekedwe.

Timatabwa tam'kati tingathe kugwira ndi misomali yokha. Pa matabwa awiri osanjikizana, a mamilimita 50 lililonse, msomali wa mainchesi 5 umatulukira kuseri, ndipo nsonga yake imapindidwa mopingasa mitsempha ya thabwa. Misomali isandondozane pa mzere umodzi, chifukwa ikatero imagwira ntchito ngati mphero yowazira chikuni. Ikhomedwe mosemphanitsa, mamilimita 25 kuchokera m'mphepete ndi pafupifupi 80 kuchokera kunsonga. Thabwa louma gwa kapena la bulugamu limafuna kuyamba laboledwa timabowo tocheperako kuposa msomali. Mfundo yaikulu ya mtengo isapezeke polumikizira paliponse.

Mtanda wa nyumba imeneyi umaposa mamita 6, pomwe matabwa ambiri pamsika amalekezera pa mafiti 18, omwe ndi pafupifupi mamita 5.5. Kulumikiza sikungapeweke. Nsonga ziwirizo zimagundanitsidwa, n'kupanidwa ndi zidutswa ziwiri za 2x6 zotalika ngati mita imodzi, china uku china uko, ndi mabawuti osachepera awiri mbali iliyonse ya mlumikizowo. Kudula nsonga mopendekeka n'kuzikhoma ndi misomali iwiri kumaoneka bwino m'maso, koma sikupirira kukokedwa.

Thirasi limalimba likamanyamula choongoka, koma cham'mbali limagwa mosavuta. Mapelini amangolumikiza matirasi, ndipo mphepo ikaomba khoma la kumapeto onse angathe kupendamira limodzi. Chowaletsa ndi michirikizo yopingasa. Awa ndi matabwa a 1x4 kapena 2x3 okhomedwa kunsi kwa mapaso, kuchokera pamsonga kutsika cham'mbali, pafupifupi madigiri 45, kudutsa matirasi atatu mpaka kukafika pa thabwa logona pakhoma lomwe amisiri amati wolopuleti. Pafunika inayi: iwiri kumapeto kulikonse kwa nyumba, umodzi mbali iliyonse ya denga, ndipo ukhomedwe ndi misomali iwiri kapena itatu pa phaso lililonse lomwe wadutsa. Matabwa ena awiri amayenda m'litali mwa nyumba pamwamba pa mitanda, pa malo aja ogawira, kuti mitandayo isapotoke. Pokweza, thirasi lililonse liongoledwe ndi levulo ndi kugwiriziridwa lisanasiyidwe, chifukwa matirasi ambiri amagwa tsiku lokweza lomwelo.

Chotsala ndi kumangirira denga kukhoma. Denga la malata ndi lopepuka, ndipo chimphepo sichilikanikiza pansi koma chimalinyamula, makamaka m'makona ndi m'mphepete. Phazi la thirasi lililonse limangidwe ndi lamba wachitsulo kapena waya wa mamilimita 4 wopinda pawiri, woikidwiratu m'konkire ya ring'ibimu, kapena wozika masentimita 60 m'khoma ngati ring'ibimu palibe. Lambayo akulunge phaso lenilenilo, osati wolopuleti yokha. Mapelini nawo, makamaka a m'mphepete ndi a pamsonga, amangidwe ndi waya kuwonjezera pa msomali, popeza msomali wokokedwa choongoka umazuka mosavuta. Madenga ambiri osasuka m'dzinja amapezeka pansi malata ali chikhomere pa mapelini.

Denga lomwe layamba kufooka limadziwika ndi msonga wowerama, ming'alu ya m'matabwa yoyambira pa bawuti, mpata wotseguka paphazi, kapena mng'alu wa m'khoma kunsi kwa wolopuleti. Zizindikirozi zikaoneka, mtanda uchirikizidwe kuchokera pansi kukonza kusanayambe. Miyeso yonseyi ndi ya nyumba ya mamita 6 yofolera malata. Nyumba yotakata kuposa pamenepa, denga la matailosi, kapena thanki ya madzi yokhazikidwa pa mitanda, zimafuna kuti injiniya awerengere matabwa ndi mabawuti ake.