MSILAMU AKAGUNDITSA MPHUMI PANSI AMANENANJI?

Dzuwa likangolowa ku Cipata, ku Katete kapena ku Petauke, pamamveka mau a munthu woitana kucokera pa mzikiti. Amene ali pafupi amaona anthu akuvula nsapato pakhomo, nasamba m'manja, nandandalika m'mizere. Ambiri amene sali Asilamu amangoona kuwerama ndi kugwada, osadziwa kuti kuwerama kulikonse kuli ndi dzina, mau ake ndi tanthauzo lake.

Pemphero limeneli limachedwa swala, ndipo Msilamu wamkulu aliyense ayenera kulicita kasanu pa tsiku. Swala amaiwerenga ndi marakaa. Rakaa imodzi ndiyo kuima, kuwerama, kuweramuka, ndi kugunditsa mphumi pansi kawiri. Swala ya mbandakuca, Alifajiri, ili ndi marakaa 2. Ya masana, Zuhuri, 4. Ya dzuwa litapendeka, Asiri, 4. Ya dzuwa litalowa, Magaribi, 3. Ndipo ya usiku, Isha, 4. Onse pamodzi ndi marakaa 17, ndiko kunena kuti mphumi ya Msilamu imakhudza pansi kosacepera ka 34 tsiku lililonse. Wofuna kumvetsa zonsezi angocita bwino kutsatira swala ya Magaribi kuyambira poyamba mpaka potsiriza.

Nthawi yake ndi yaifupi: imayamba dzuwa litabisika ndipo imatha pamene kufiira kwa kumadzulo kwazimirira. Munthu amayamba wadziyeretsa ndi madzi, kumene amati udhu. Amasamba m'manja, amacukuca m'kamwa, amatsuka m'mphuno, nkhope ndi mikono kufikira m'zigongono, amapaka madzi kumutu ndi m'makutu, natsiriza ndi mapazi kufikira mu akakolo. Atatero amayang'ana ku kibula, ndiko ku nyumba ya Kaaba mu mzinda wa Maka. Asilamu oyamba anali kuyang'ana ku Yerusalemu, ndipo anatembenukira ku Maka ca m'caka ca 624. Munthu wa ku Cipata amaipeza kibula poyang'ana kumpoto, napendekera pang'ono kum'mawa.

Ataima ciriri ndi kutsimikiza mumtima kuti akuswali Magaribi, amakweza manja kufikira m'mapewa kapena m'makutu nati, "Allahu Akibaru," kutanthauza kuti Mulungu ndiye wamkulu koposa. Mau amenewa ali ngati kutseka citseko. Kucokera pamenepo saloledwa kuyankhula ndi munthu, kudya kapena kuseka, ndipo akatero swala yaonongeka, ayambenso. Mashehe ambiri amafotokoza kuti pokweza manja munthu akuponya kumbuyo nkhawa za munda, ngongole ndi malonda.

Tsopano amaika dzanja lamanja pamwamba pa lamanzere, monga wanchito woima pamaso pa mfumu, nawerenga Fatiha. Imeneyi ndi sura yoyamba ya Korani, ya ndime 7, imene imayamba ndi kutamanda Mulungu ndi kutsiriza ndi pempho lakuti munthu atsogozedwe m'njira yoongoka. Imawerengedwa m'Ciarabu pa rakaa iliyonse. Ikatha amati "Amina," naonjeza sura ina yaifupi. Pa Magaribi, Isha ndi Alifajiri wotsogolera, amene amachedwa imamu, amawerenga mokweza m'marakaa awiri oyamba, koma pa Zuhuri ndi Asiri amawerenga camumtima.

Pano mlendo wopenyetsetsa adzaona kusiyana. Amwenye ambiri a kuno, amene makolo ao anacokera ku Gujarati, amatsata ciphunzitso ca Hanafi: amaika manja kunsi kwa mcombo ndipo "Amina" amanena motsitsa. Ayao ambiri amatsata ca Shafii: manja amaika pamwamba pa mcombo, "Amina" amanena mokweza, ndipo amakwezanso manja powerama ndi poweramuka. Zonsezi nzololedwa m'Cisilamu, ndipo anthu a magulu awiriwa amaswali mu mzere umodzi pambuyo pa imamu mmodzi.

Kuwerama kumachedwa rukuu. Munthu amagwira maondo ndi zikhato, naongola msana kotero kuti mutu sukwera kapena kutsika kuposa msanawo. Akale anati madzi othiridwa pamsana wotere sayenera kutayika. Ali comweco amanena katatu, "Subuhana Rabiyal Azimu," kuyeretsa dzina la Mbuye wake Wamkulu. Poweramuka amati, "Samia Allahu limani hamida," ndiko kuti Mulungu amamva womtamanda, ndipo anthu amavomera, "Rabana lakal hamudu," kuti citamando nca Mbuye wao. Wocedwa amene wapeza imamu akali pa rukuu nawerama naye, rakaa imeneyo waipeza; wofika imamu ataweramuka, yamphonya, ndipo adzaibweza yekha pamapeto.

Pacimake pa swala ndi sijida. Munthu amatsika pansi kufikira ziwalo zisanu ndi ziwiri zitakhudza mphasa: mphumi pamodzi ndi mphuno, zikhato ziwiri, maondo awiri ndi zala za mapazi onse awiri. Zigongono siziyalidwa pansi. Nkhope, imene munthu amaisamala koposa ciwalo cina ciliconse, ili tsopano pafumbi, ndipo mau amene amanena katatu ndi "Subuhana Rabiyal Aala," kuyeretsa Mbuye Wapamwambamwamba. Wotsika kotheratu akuchula Wokwezeka kotheratu. Asilamu amaphunzitsa kuti kapolo amayandikira Mbuye wake pa sijida kuposa nthawi ina iliyonse, ncifukwa cake ambiri amacedwapo napempha zosowa zao. Mwini sitolo ndi womunyamulira matumba amagunditsa mphumi pa mphasa imodzi, ndipo palibe munthu kapena fano limene Msilamu aloledwa kulicitira sijida. Amadzuka nakhala pang'ono kupempha cikhululuko, nacitanso sijida yaciwiri. Rakaa yoyamba yatha.

Yaciwiri imayenda cimodzimodzi, koma ikatha munthu amakhala pansi. Amapereka ulemu wonse kwa Mulungu, napempherera mtendere Mtumiki Muhamadi ndi anthu onse olungama, ndipo amatambasula cala camkombaphala ca dzanja lamanja pocitira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi yekha. Rakaa yacitatu ili ndi Fatiha yokha, yowerengedwa camumtima. Pokhala komaliza amapemphanso madalitso pa Muhamadi monga anadalitsidwira Ibrahimu, amene Akhristu amamdziwa kuti Abrahamu. Potsiriza amatembenuzira nkhope kudzanja lamanja, kenaka kulamanzere, nati, "Asalamu alaikumu wa rahamatullah," kupereka mtendere ndi cifundo ca Mulungu kwa anzake ndi kwa angelo. Citseko cija catseguka.

Colakwa cofala ndico liwiro. Mbiri ya Cisilamu imasimba za munthu amene anaswali mothamanga mu mzikiti wa ku Madina, ndipo Mtumiki anambweza katatu kuti akaswalinso, kufikira anamphunzitsa kuti pa kuwerama, pa kuweramuka, pa sijida ndi pa kukhala, thupi liyenera kuyamba lakhazikika. Wojompha pansi ngati nkhuku pa mphale amadziwika ndi msana umene suongoka pakati pa rukuu ndi sijida.

Kuiwala kuli ndi mankhwala ake. Munthu akakayika ngati wacita marakaa awiri kapena atatu, amatenga ciwerengero cocepa cimene ali naco citsimikizo, namaliza cotsala, naonjeza sijida ziwiri kumapeto. Imamu akaiwala kukhala pambuyo pa rakaa yaciwiri naimirira kotheratu, sabwereranso pansi. Amapitiriza, nakonza ndi sijida ziwiri zomwezo. Amuna a pambuyo pake amamkumbutsa ponena "Subuhanallah," ndipo akazi amaomba m'manja. Wodwala amene sangathe kuima amaswali atakhala, akulozera ndi mutu, nautsitsa kwambiri pa sijida kuposa pa rukuu. Amene sangathe ngakhale kukhala amaswali cogonera m'mbali, nkhope italoza ku kibula.