Mwana Wayamba Kusewera, Mankhwala Atsala: Apitirize Kapena Asiye?

Mwana wa zaka ziwiri akutsokomola, thupi latentha, ndipo akupuma mothamanga. Kuchipatala adokotala akuvula kamalaya kake, akuyang'ana pachifuwa uku akuwerenga. Pa msinkhu umenewu, kupuma ka 40 kapena kupitirira pa mphindi imodzi ndi chizindikiro cha chibayo, ndipo uyu m'munsi mwa nthiti mukulowanso mkati akamakoka mpweya. Akumulembera amokisilini wosungunula m'madzi: mapiritsi awiri a mamiligalamu 250 m'mawa, awiri madzulo, kwa masiku asanu. Onse pamodzi mapiritsi 20.

Pofika tsiku lachiwiri madzulo, mwana wazizira thupi, wadya phala, akuthamangitsa nkhuku pabwalo. M'kapepala mwatsala mapiritsi 12, ndipo mayi akuganiza zowasungira tsiku lina. Sitingawadzudzule kwambiri, pakuti kuchipatala n'kutali ndipo si nthawi zonse mankhwala amapezekako. Koma chimene chachitika m'mapapo mwa mwanayo n'chosiyana ndi chimene maso akuona.

Kutentha thupi ndi kufooka zimabwera chifukwa thupi likulimbana ndi mabakiteriya ochuluka. Mankhwala akapha ambiri, nkhondoyo imachepa ndipo munthu amamva bwino, ngakhale ena akadali amoyo. Zili ngati moto wa nkhuni umene malawi ake azima koma makala akadali ofiira m'phulusa. Komanso amokisilini sakhalitsa m'magazi; impso zimamutulutsa m'maola ochepa, n'chifukwa chake amamwedwa kangapo pa tsiku. Mayi akasiya pa tsiku lachiwiri, mawa lake m'thupi mulibenso mankhwala, ndipo mabakiteriya otsalawo akhoza kuswananso chitetezo cha mwana chisanawagonjetse. Chibayo chikabwerera, nthawi zina mwana amafunika kugonekedwa n'kumabayidwa jakisoni. Kunena kuti "ndikupezako bwino" si muyeso umene adokotala anagwiritsa ntchito powerengera masiku aja.

Masikuwo amatengera matenda ake, ndipo pali matenda ena amene salola n'komwe kudumphadumpha. Chifuwa chachikulu cha TB chimafuna miyezi isanu ndi umodzi: miyezi iwiri ya mankhwala amitundu inayi, kenako miyezi inayi ya mitundu iwiri. Ambiri amayamba kunenepa ndi kusiya kutuluka thukuta usiku pakangopita masabata ochepa, koma kachirombo ka TB kamaswana pang'onopang'ono ndipo kena kamakhala ngati kagona, mankhwala osakapha msanga. Wosiyira panjira amadwalanso, amapatsira a m'nyumba mwake, ndipo kumwa modukizadukiza kukhoza kubala TB yosamva mankhwala. Zilonda zapakhosi zoyamba ndi bakiteriya wotchedwa sitirepitokokasi nazonso n'zonyenga. Pakhosi pamapola m'masiku atatu kapena anayi, koma penisilini wakumwa amaperekedwa masiku 10 kuti bakiteriyayo atheretu, chifukwa mwa ana ena amayambitsa nyamakazi imene imakawononga mavavu a mtima. Matenda a m'mafupa nawo amafuna masabata angapo.

Komabe pali mbali ina imene zikwangwani za kuchipatala sizinena. Kwa zaka zambiri tinkauzidwa kuti kusamaliza mankhwala ndiko kumachititsa tizirombo kusamva mankhwala. Pa TB n'zoona. Pa matenda ambiri a tsiku ndi tsiku nkhani yake si yomweyo. M'matumbo ndi pakhungu pathu pali mabakiteriya ochuluka amene sakutidwalitsa, ndipo tsiku lililonse limene tamwa antibayotiki, ofooka mwa iwo amafa, osamva mankhwala n'kutsala ndi malo oswanirana. Choncho kumwa masiku ambiri kuposa ofunikira kumawononganso. M'chaka cha 2017 gulu la akatswiri a ku Britain, lotsogoleredwa ndi Martin Llewelyn, linalemba zimenezi m'magazini ya madokotala ya BMJ, ndipo panabuka mtsutso waukulu. Ena anamva ngati akuti aliyense azisiya akangopeza bwino. Koma kafukufuku amene alipo ndi woyerekeza masiku ochepa oikidwiratu ndi masiku ambiri oikidwiratu, osati wosiyira wodwala kuti aziganizira yekha.

Kafukufuku wina wotere anachitikira konkuno. Ku Lilongwe, pa zipatala za Kamuzu Central ndi Bwaila, ana 3,000 osakwana zaka zisanu, opanda HIV, amene anali ndi chibayo cholowetsa nthiti, anagawidwa pawiri: ena analandira amokisilini masiku atatu, ena asanu. Zotsatira zake zinatuluka mu 2020, ndipo ana amene mankhwala sanawathandize anali pafupifupi 6 pa 100 alionse m'gulu loyamba, ndi 5 pa 100 m'gulu lachiwiri, kusiyana kochepa kwambiri. Kodi ndiye kuti mayi uja akhoza kusiya pa tsiku lachitatu? Ayi. Ana a m'kafukufuku anasankhidwa mosamala, anayezedwa HIV, ndipo anamwino ankawaona pafupipafupi kuti wosachira asinthidwe mankhwala msanga. Mwana wonyentchera kapena wa HIV ndi nkhani ina. Zotsatira ngati zimenezi zimathandiza amene amalemba ndondomeko za chipatala kuti afupikitse masiku pamene n'koyenera, ndipo akatero, masiku ofupikawo ndiwo amalembedwa m'buku la wodwala.

Nthawi zina adokotala amanena okha kuti "basi, lekezani pomwepa." Kawirikawiri chimakhala chifukwa choti matenda apezeka kuti si a bakiteriya. Munthu akafika ali wodwalika, dokotala amayamba antibayotiki asanatsimikize, chifukwa kudikira kukhoza kupha. Pakatha masiku awiri, magazi amene anatumizidwa ku labu osamera bakiteriya aliyense, wodwala ali bwino, ndipo zaoneka kuti anali malungo okha kapena chimfine cha vairasi, kupitiriza kulibe phindu. Labu ikhozanso kusonyeza kuti bakiteriyayo samva mankhwala amene anayambidwa; apo amasiyitsa akalewo n'kupereka ena. Amasiyitsanso ngati mankhwalawo akuwombana ndi ena amene munthu akumwa, kapena mayi wapezeka kuti ndi woyembekezera pamene akumwa mankhwala ngati dokisisayikilini.

Ndiye pali pamene mankhwala enieniwo asanduka mdani. Apa simudikira chilolezo cha wina. Milomo, nkhope kapena lilime zikatupa, thupi likatuluka zidzolo zoyabwa mwadzidzidzi, kapena munthu akayamba kubanika atangomwa mankhwala, asamwenso ndipo athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Chimodzimodzi matuza pakhungu, zilonda m'kamwa ndi maso ofiira, zimene bakitirimu amachititsa mwa anthu ochepa. Khungu limatha kusupuka ngati wapsa ndi moto. Maso achikasu ndi kusanza kwa amene akumwa mankhwala a TB zikhoza kutanthauza kuti chiwindi chavulala, ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo. Kupweteka kwa mtsempha wa kuchidendene pomwa siprofulokisasini, kapena kutsekula m'mimba kwambiri kosakanikirana ndi magazi, nazonso n'zofunika kuonedwa asanamwe ena. Mseru pang'ono kapena chimbudzi chofewa, zimene amokisilini amabweretsa kawirikawiri, si chifukwa chosiyira. Mwana amwe madzi ambiri, adye, mankhwala apitirire.

Popita kuchipatala ndi vuto lotere, tengani kapepala ka mankhwalawo ndi buku la kuchipatala, munene tsiku limene munayamba ndi nthawi imene munamwa komaliza. Kusiya mankhwala amene akukuvulazani sikutanthauza kuti matenda atha, choncho adokotala amafunika kusankha ena olowa m'malo. Pemphaninso kuti dzina la mankhwala amene munadana nawo alilembe patsamba loyamba la bukulo, chifukwa amene wadana ndi penisilini amadananso ndi amokisilini, popeza ndi a banja limodzi.