Nambala yapamwamba, mbali yopendekeka: mawu a masamu amene amasocheretsa ana

M'sukulu zambiri za pulayimale ku Malawi, mwana amayamba masamu ndi mawu omwe amawamva kunyumba: kuwonkhetsa, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa. Akafika Sitandade 5, buku limayankhula Chingerezi chokhachokha, ndipo mphunzitsi amayenera kusaka yekha mawu ofotokozera nyumereta, perimita ndi anzake. Mawu amene amabwera msanga pakamwa si onse amene amathandiza.

Nyumereta ambiri amangoti "nambala yapamwamba", dinomineta n'kukhala "yapansi". N'zoona, komatu mawuwa akungonena pomwe nambalayo yakhala, osati ntchito yake. Mwana wophunzira motere akapatsidwa 1/2 + 1/4 amawonkhetsa zapamwamba pazokha, zapansi pazokha, n'kupeza 2/6.

Mphunzitsi wodziwa ntchito amatenga mzimbe n'kuudula magawo anayi ofanana. Dinomineta amaitcha nambala yonena magawo onse ofanana, nyumereta nambala yowerenga magawo otengedwa. Theka la mzimbewo ndi magawo awiri; kuwonjezapo limodzi akhala atatu, ndiye 3/4. Apa mwana amaona yekha kuti 2/6 singakhale yankho, chifukwa ndi yochepa kuposa theka lomwe anayamba nalo. Mawu oti "ofanana" asasiyidwe. Mzimbe wodulidwa mwachisawawa supereka fulakishoni yolondola.

Perimita ilibe vuto lalikulu: ndi utali wozungulira chinthu m'mbali mwake, monga mpanda wa dimba. Dimba la mamita 12 mulitali ndi 8 mulifupi limafuna mpanda wa mamita 40. Chosokoneza ndi mawu oti "kukula", omwe ana amatchulira mpanda ndi malo a m'kati momwe. Dimba la mamita 10 mbali zonse limafunanso mpanda wa mamita 40, koma m'kati mwake muli masikweya mita 100, pamene loyamba lija lili ndi 96.

Haipotenyuzi, yomwe ophunzira amalimbana nayo kwambiri ku sekondale, ena amaitcha "mbali yopendekeka". Dzinali limagwira ntchito pokhapokha thirayango itajambulidwa choimirira ngati m'buku. Wolemba mayeso akangoitembenuza, mbali zopendekeka zimatha kukhala ziwiri kapena zonse zitatu, ndipo wophunzira amangolota. Dzina losasintha ndi lakuti mbali yoyang'anizana ndi ngodya ya madigiri 90. N'lalitali ndithu, koma silinamiza. Mbali imeneyi ndiyonso yotalika kuposa zinzake nthawi zonse, choncho yankho likatuluka lalifupi, penapake palakwika.

Amisiri omanga nyumba amaigwiritsa ntchito poyika maziko, ngakhale ena dzinalo salitchula. Amayeza mamita 3 pa chingwe chimodzi kuchokera pa chikhomo, mamita 4 pa chinzake, kenako n'kuyeza kuchokera pa chizindikiro china kufika pa chinzake. Pakakwana mamita 5 ndiye kuti kona yakhala bwino, pakuti 9 kuwonkhetsa 16 ndi 25, yomwe ndi 5 kuchulukitsa ndi 5. Pakapitirira, kona yatseguka kwambiri, ndipo mmisiri amasuntha chingwe asanakumbe.